Odi wa pa imelo: mawu oyamba polembera bwana wamkulu

Zaka zambiri ndinakhala pa tebulo la pafupi ndi chitseko cha bwana mu ofesi ina ya boma. Ntchito yanga inali ya ulembi: kulandira alendo, kuyankha foni, kusunga mafayilo. Makompyuta atafika anandiwonjezera ina, yotsekula maimelo a bwana m'mawa uliwonse iwo asanalowe, n'kuwapatulira ofunika kuti awaone okha. Kotero ana inu amene mukumaliza sukulu, mukamalembera mkulu wa nthambi, bwanamkubwa wa boma kapena mlembi wamkulu wa unduna, dziwani kuti nthawi zambiri maso oyamba kuona imelo yanu amakhala a munthu ngati ine. Zimene ndikuuzeni pano ndi zimene ndinaona pa tebulo limenelo.

Kwathu mlendo akafika pakhomo pa munthu wamkulu amaima chapatali n'kunena kuti odi. Salowa mpaka amuyankhe. Sadzitengera mpando, amadikira kupatsidwa. Ngakhale malonje amene, amayamba ndi eni khomo. Akaona kuti mlendoyo ndi womasuka naye, iwo ndi amene amayambitsa nthabwala, mlendo n'kutsatira pambuyo. Mwana aliyense wakumudzi amadziwa zimenezi popanda womuphunzitsa m'kalasi. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti mwana yemweyo akagwira foni amaiwala zonse, n'kulowa mu ofesi ya munthu amene sanamuonepo ndi mawu akuti "Hi boss".

Vuto lina limachokera ku chiyankhulo. Ntchito za boma kwathu kuno zimayenda m'Chingerezi, ndipo maimelo ambiri opita kwa akuluakulu amalembedwa m'Chingerezi. M'Chichewa ulemu umamwazika m'chiganizo chonse. Mukati "mwaswera bwanji" m'malo mwa "waswera bwanji", ulemu walowa kale m'mneni. Mukati "a Phiri" m'malo mwa "Phiri", walowanso. Mukhoza kuphonya moni koma aneni anu n'kukupulumutsani. Chingerezi chilibe zimenezi. Mawu amodzi omwewo akuti "you" amagwira pa mwana, pa mnzanu ndi pa nduna. Ndiye katundu yense amene Chichewa chimagawira aneni ambiri, m'Chingerezi amasenzedwa ndi mzere woyamba. Mukauphonya, palibenso malo ena abwino osonyezerapo kuti mukudziwa amene mukuyankhula nawo.

Onjezanipo ichi. Mabwana ambiri amawerenga maimelo pa foni, mwina ali m'galimoto, mwina pakati pa misonkhano iwiri. Foni imaonetsa zinthu zitatu imelo isanatsekulidwe: dzina la wotumiza, mutu wa nkhani umene mwalemba pa Subject, ndi mawu ochepa oyambirira. Pa zitatu zimenezi ndi pamene munthu amasankha kutsekula tsopano, kusiyira mawa, kapena kuiwala.

Ndikukumbukira mtsikana wina wa chaka chomaliza ku yunivesite. Ankafuna chilolezo choti achite kafukufuku wake m'maofesi amene anali pansi pa nthambi yathu, ndipo popanda kalata ya mkulu wa nthambi sakanaloledwa kufunsa munthu aliyense. Imelo yake yoyamba inayamba motere: "Hi sir, hope ur gud." Pa Subject panalibe kanthu. Mkulu wa nthambi yathu nthawi imeneyo anali mayi, ndiponso anali ndi digiri ya udokotala imene anaivutikira zaka zambiri. M'mawu asanu okha mtsikanayo analakwitsa zinthu zitatu. Anawayesa bambo. Anawapatsa moni wa pa WhatsApp. Ndipo sananene kuti iye ndani kapena akufuna chiyani. Mayiwo anali munthu wofatsa, sanakwiye. Anangoiona n'kupitirira, chifukwa inkafanana ndi mauthenga a anthu osadziwika amene amabwera ambirimbiri, opempha ndalama kapena ofuna kuba pa kompyuta.

Patapita sabata ziwiri mtsikanayo analembanso. Zikuoneka kuti wina anamuuza kuti akhale waulemu, ndiye anapitirira muyeso. Anayamba ndi "Dear Respected Honourable Sir/Madam", kenako moni wautali wa m'dzina la Ambuye, kenako kufunsa za moyo wa banja lonse, kenako kupepesa chifukwa chosokoneza munthu wotanganidwa, kenako kunena kuti akugwada modzichepetsa. Pempho lenileni linali m'ndime yachinayi. Mayiwo anawerenga mizere iwiri pa foni, n'kuganiza kuti ndi munthu wopempha chithandizo cha ndalama za sukulu, ndipo anandiuza kuti ndimuyankhe kuti nthambi yathu ilibe thumba lotero.

Ine ndinawerenga mpaka pansi, ndinapeza nambala ya foni, ndipo ndinamuimbira. Atabwera tinakhala pa tebulo langa n'kulemba yachitatu. Pa Subject tinalemba pempho lake m'mawu ochepa: "Request for permission to conduct research". Dzina lenileni la mayiwo sindilitchula, tingoti dzina la makolo awo linali Phiri. Moni unali "Dear Dr Phiri," basi. Chiganizo chotsatira chinanena dzina la mtsikanayo, sukulu yake, chaka chimene anali, ndi mphunzitsi amene ankamuyang'anira. Chachiwiri chinanena chimene ankapempha, malo ake ndi masiku ake. Chachitatu chinanena kuti waphatikizapo kalata yochokera ku sukulu. Anatsiriza ndi "Yours sincerely," n'kulemba dzina lake lonse ndi nambala ya foni. Yankho linabwera tsiku lotsatira. Pempho linali lomwe lija, munthu yemwe uja. Koma mwezi wathunthu wa kafukufuku unali utatayika kale, ndipo anamaliza ntchito yake mothamanga.

Pa nkhani imeneyi pali zinthu zingapo zofuna kuzimasula bwino.

Choyamba ndi mawu akuti "Dear". Ana ambiri amawaopa chifukwa kusukulu anawamasulira kuti "wokondedwa", ndiye mnyamata amachita manyazi kulembera mayi wamkulu mawu otero. Musaope. Akakhala poyambira kalata, patsogolo pa dzina kapena udindo, alibe chikondi chilichonse mkati mwake, ndi odi chabe wa m'kalata ya Chingerezi. Amakhala oipa mukawasuntha malo. "Hi dear" kapena "My dear" ndi mawu a anthu ozolowerana kwambiri, ndipo ndinaonapo mayi wina waudindo akufufuta imelo yotero osawerenga n'komwe zotsatira.

Chachiwiri ndi dzina. Pakati pa moni yonse yaulemu, wamphamvu kwambiri ndi wokhala ndi udindo woyenera ndi dzina la makolo: "Dear Dr Phiri", "Dear Professor Banda", "Dear Mr Mwale". Umasonyeza kuti mwalembera munthu ameneyu, osati kuti mwamwaza imelo imodzi ku maofesi makumi awiri. Pambuyo pa udindo pabwere dzina la makolo, osati dzina loyamba. Tili ndi chizolowezi pakamwa chonena kuti a dokotala Joni, koma pa imelo yoyamba musatero. Ngati munthu ali ndi udokotala kapena upulofesa, umenewo ndi umene umalowa m'malo mwa "Mr" kapena "Mrs", musaunjike onse pamodzi. Kwa mayi amene simukudziwa ngati ali pa banja, "Ms" ndi wosalakwa. Mawu akuti "Honourable" ndi a nduna, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi oweruza a makhoti akuluakulu. Mlembi wamkulu wa unduna kapena mkulu wa nthambi si wandale, ndipo ena amakhumudwa mukawapatsa udindo umene si wawo, chifukwa zimaonetsa kuti simukudziwa mpando umene akhalapo.

Nanga dzina mulidziwa bwanji? Safunsa anadya phula. Imbani foni ku ofesiyo, mupemphe kuyankhula ndi mlembi wa bwana, mufunse mafunso atatu: mkulu amene alipo panopa ndani, dzina lawo limalembedwa bwanji, ndipo amatchulidwa ndi udindo wanji. Palibe mlembi amene amakana kuyankha zimenezi. Ine ndinkasangalala ndi mwana wofunsa chotero, ndipo imelo yake ikafika ndinkaizindikira n'kuiika pamwamba. Ndikunena kuti "amene alipo panopa" chifukwa akuluakulu a boma amasamutsidwa kawirikawiri. Dzina limene mwaliona m'nyuzipepala ya chaka chatha likhoza kukhala la munthu amene anachoka kalekale, ndipo kulembera bwana watsopano ndi dzina la amene anachokayo n'kulakwa kumene sikuiwalika msanga. Kalembedwe ka dzina nakonso kayang'aneni chilembo ndi chilembo. Mwale si Mwase, Nkhoma si Nkhata.

Musaganizire nokha kuti mkuluyo ndi bambo. Dziko lino linakhala ndi pulezidenti wamkazi, Joyce Banda, mu 2012. Anastasia Msosa anakhala mkulu wa oweruza milandu mu 2013, ndipo Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Komabe maimelo oyamba ndi "Dear Sir" ankabwerabe tsiku ndi tsiku kwa mayi amene ndinkawagwirira ntchito. Maina athunso sathandiza. Chisomo, Chikondi, Mphatso, Madalitso, Thokozani, onsewa amapatsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe. Ena pothawa vutoli amalemba "Dear Sir/Madam". Si mwano, ndipo pamene mukulembera ofesi yonse osati munthu mmodzi, mukhoza kutero. Koma kwa munthu amene dzina lake likupezeka mutangoimba foni kamodzi, moni umenewu umangoulula kuti simunafufuze. Mapanga awiri avumbwitsa. Mukalephereratu kupeza dzina, gwiritsani ntchito mpando wawo: "Dear District Commissioner" kapena "Dear Director". Mpando sulakwa, kaya wakhalapo ndi mayi kapena bambo. Mawu akuti "To whom it may concern" asiyireni makalata a umboni amene munthu amayenda nawo m'manja. Pa imelo yopempha kanthu amamveka ngati mwaponya mwala m'tchire.

Tsopano ndikhazikike pa kulakwa kwa mu imelo yachiwiri ya mtsikana uja, chifukwa ndi kumene ana aulemu, oleredwa bwino, amagwamo. Ulemu ndi kudzigwetsa pansi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pakhomo pa mfumu malonje aatali ndi oyenera, chifukwa nonse mwakhala pansi ndipo dzuwa lilipo. Pa imelo mfumuyo ili chiimire, foni ili m'manja, wina akuiyembekezera pakhomo. Ulemu umene munthu wotanganidwa amaumva ndi wakuti mwamutchula bwino ndipo simunamutayitse nthawi. Chiganizo chofunsa za moyo, chonga "I hope this email finds you well", si tchimo, koma kumbukirani kuti chimadya malo aja ochepa amene foni imaonetsa. Kwa munthu amene sakukudziwani, malo amenewo ndi ofunika kuti mudzitchule ndi kunena chimene mwadzera. Moni wa chipembedzo usungireni anthu amene mumapemphera nawo. Simukudziwa ngati bwanayo ndi Mkhristu, Msilamu kapena wa chikhulupiriro china, ndipo ofesi ya boma ndi ya onse.

Kupepesa kosalekeza ndi kugwada m'mawu kuli ndi vuto linanso. Kumasintha maonekedwe a pempho lanu. Mwana wopempha malo ophunzirira ntchito, chilolezo cha kafukufuku kapena chikalata china sakupempha chifundo. Akupempha chinthu chimene ofesiyo inakhazikitsidwira. Ngakhale lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Mukalemba ngati wopemphetsa, owerenga amakuikani m'gulu la opemphetsa, monga zinachitikira mtsikana uja. Lembani ngati nzika yaulemu imene ikudziwa chimene ikufuna.

Mukasankha kulemba m'Chichewa, mwina kwa khansala, kwa mlembi wa mfumu yaikulu kapena kwa mkulu wa mpingo, malamulo ake munawaphunzira kale pa kalata yantchito ya kusekondale. Yambani ndi "Bwana," kapena "Mayi," kapena "Olemekezeka," kwa amene udindowo ukuwayenera, kenako mudzitchule. Gwirani "inu" kuyambira pamwamba mpaka pansi. "Zikuyenda?", "Bho bho", "Madala", "Achimwene" ndi mawu a pa msewu ndi pa bawo, abwino pamalo pake. Ndipo musasakanize, kuyamba ndi moni wa Chingerezi waulemu kenako n'kugwera m'Chichewa cha macheza pa mzere wachiwiri.

Mwina mukufunsa kuti kodi moni womasuka ulibiretu malo? Uli nawo, koma wotsekula chitseko chimenecho ndi wamkulu. Mwalemba "Dear Dr Phiri", iwo ayankha. Yang'anani yankho lawo mosamala, pamwamba ndi pansi. Ngati akutchulani ndi "Mr" kapena "Ms" ndipo asayina dzina lawo lonse ndi udindo, khalani pomwepo. Ngati akutchulani dzina lanu loyamba koma pansi pali dzina lawo lonse, musasinthebe. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wokuitanani ndi dzina loyamba, ndipo zimenezo sizikupatsani inu ufulu womwewo, monga mmene agogo amanenera "iwe" kwa mdzukulu koma mdzukulu n'kumayankhabe "inu". Chenjeraninso ndi dzina limene kompyuta imaika yokha pansi pa imelo iliyonse, limenelo si chizindikiro cha chilichonse. Pokhapokha akasayina dzina lawo loyamba lokha kangapo, kapena akanena okha kuti muziwaitana choncho, mukhoza kutsika. Ngakhale pamenepo tsikani sitepe imodzi: "Good morning, Dr Phiri" musanafike pa dzina loyamba. Ine ndinagwira ntchito ndi mayi aja zaka zingapo, tinkadyera limodzi nsima ya masana, koma pa imelo sindinasiye kuwatchula udindo wawo.

Yankho lalifupi lisakupusitseni. Bwana akhoza kuyankha ndi mawu amodzi, "Noted", opanda moni uliwonse. Sakuyambitsa macheza, ndiponso sanakwiye. Ali pa foni ndipo athamanga. Inu yankhani mwaulemu monga poyamba, mwachidule.

M'mabungwe ochokera kunja muli kusiyana. Ambiri mwa iwo amaitanana ndi maina oyamba kuyambira woyendetsa galimoto mpaka mkulu wa bungwe, ndipo "Hi" ndi moni wa tsiku ndi tsiku. Koma chimenecho ndi chizolowezi cha amene ali kale mkati. Inu amene mukugogoda koyamba, yambani ndi udindo ndi dzina la makolo. Ganizirani mtengo wa kulakwa mbali zonse ziwiri. Mukachita ulemu kwa munthu wokonda kumasuka, amangoyankha kuti muzimuitana dzina lake, nkhani yatha, ndipo simunataye kanthu. Mukamasuka kwa munthu woyembekezera ulemu, sadzakuuzani kuti mwalakwa. Adzangokhala chete, ndipo inu mudzadikira sabata ndi sabata osadziwa chimene chinachitika.

Pali msampha wina umene umakola ana ambiri, ndipo ndi wovuta chifukwa umachokera pa chibale. Bwanayo mwina ndi malume anu, kapena mkulu wa mpingo wanu, kapena munakumana nawo pa ukwati n'kukupatsani adiresi yawo ya imelo akuseka. Mtima umati mulembe kuti "Malume, ndi ine uja". Dziwani ichi: imelo ya ku ofesi siikhala ndi munthu mmodzi. Bwana akaiwerenga amaitumiza kwa wogwira ntchito wa pansi pawo kuti aione, ndipo imapita yonse, ndi moni wanu womwe. Nthawi zina imasindikizidwa n'kulowa m'fayilo imene anthu ena adzaitsekule patapita zaka. Imelo yoyamba ndi "Malume" imaika malume anuwo pamavuto. Akakuthandizani, aliyense woona fayiloyo adzati n'zachibale, ngakhale mutakhala woyenera. Ndinaonapo bwana wina akubweza pempho labwinobwino la mwana wa mlongo wake pa chifukwa chimenechi, n'kumuuza pa foni kuti alembenso ngati munthu wosawadziwa. Za kumudzi muzikambirana pa foni kapena kunyumba. Ngati munakumanapo pa nkhani ya ntchito, chitchuleni m'chiganizo choyamba pambuyo pa moni waulemu, kuti munayankhulana pa msonkhano wakutiwakuti tsiku lakutilakuti ndipo anakuuzani kuti mulembe. Chiganizo chimenecho chimagwira ntchito imene mumafuna kuti moni wa chibale ugwire, popanda kuchititsa munthu manyazi.

Chomwechonso ngati wina wakutumani. Dzina la mphunzitsi wanu kapena la mkulu amene wakulozerani njira libwere msanga, m'mzere woyamba kapena wachiwiri, malinga ngati mwiniwakeyo wavomera kuti mumutchule. Bwana akaona dzina limene akulidziwa m'mawu ochepa aja a pa foni, amatsekula.

Kanthu kena kakang'ono. Mathero agwirizane ndi chiyambi. Mukatchula dzina la munthu, tsirizani ndi "Yours sincerely". Mukayamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam", tsirizani ndi "Yours faithfully". Ndipo yang'anani dzina limene imelo yanu imaonetsa kwa wolandira. Ana ambiri anatsekula adiresi ali ku sekondale ndi dzina la masewera, ndipo ndi limene limafika pa foni ya bwana moni wanu usanawerengedwe. Likonzeni likhale dzina lanu lenileni, kapena tsekulani adiresi ina ya zantchito.

Musanatumize, werengani mokweza mizere iwiri yoyamba, muyerekeze kuti mwaima pakhomo pa ofesiyo, bwana akweza mutu kukuyang'anani, ndipo pali anthu ena awiri akumvetsera. Ngati mawuwo simungawanene pamenepo, afufuteni. Ngati mwafika kumapeto kwa mzere wachiwiri musananene dzina lanu ndi chimene mwadzera, dulani zapamwambazo. Ndipo ngati dzina kapena udindo wa bwanayo mukuukayikira ngakhale pang'ono, siyani kaye kutumiza, muimbire mlembi wawo mawa m'mawa ofesi ikatsekulidwa.